Kagalu ka mu mdadada ndi nyuzi ya a tcheyamani

Inu a masiku ano mukamva kuti galu ankagona m'nyumba mwanga mumati ndinali wolemera. Ndinali telala wa pakhonde la sitolo ku Mponela, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Nyumba yangayo inali chipinda chimodzi mu mdadada wa kuseri kwa masitolo. Ukatsegula chitseko phazi limatera pa kanjira ka simenti kamene tonse a mu mdadadawo tinkadutsapo popita kubafa. Kutsogolo kwake kunali khoma la sitolo, ndipo ukazungulira khomalo wafika pamsewu waukulu wa malole a fodya. Dothi loti n'kulitcha langa linali la kuphazi kwanga basi.

Kagaluko kanabwera ndi maliro. Apongozi anga aamuna anamwalira kumapiri a ku Ntchisi, ndipo akazi anga atatha masiku a maliro anatsika basi atafungata kanthu m'chitenje. Ine ndinkati ndi chinangwa. Atamasula ndinaona kagalu kofiirira, kamimba tuu, kongosiya kumene kuyamwa.

"Galu wa abambo anaswa," anatero akazi anga. "Enawo atenga achimwene. Njinga ndi makasu atenganso. Ine ndatenga aka."

Ndinafuna kunena kuti mwa zonse za malemu iwo asankha chimene chimadya, koma nditaona maso awo ndinameza mawu.

Eni mdadada anali a tcheyamani a nthambi ya chipani m'dera lathu, bambo wamkulu thupi, wosakhala woipa mtima koma wokonda ukhondo ngati sisitere wa kuchipatala. Ankakhala chipinda cha kumapeto, ndipo m'mawa uliwonse ankatulutsa mpando pa kanjirako n'kumawerenga nyuzi uku akuothera dzuwa. Kagalu kasanathe nafe sabata, iwo anaponda bibi wake ndi phazi lopanda nsapato akuchokera kosamba.

"A telala," anandiitana ali chiimire ndi mwendo umodzi ngati kakowa. "Galu kwawo ndi kumudzi. Ndikadzapondanso izi, adzabwerera kumene anachokera. Mwamva?"

"Ndamva, a tcheyamani. Ndimuuza."

"Muuze ndani?"

"Galuyo. Akazi anga sindingayerekeze."

Anaseka pang'ono, koma mawu awo sanabweze.

Tinayamba kukatsekera m'chipinda, vuto n'kulowa nafe limodzi. Kakodza pakhomo, kakodza pansi pa tebulo, kachita bibi pafupi ndi thumba la ufa. Ine ndinachita zimene ndinaona akuluakulu akuchita kwathu: kukagwira pakhosi, kukakhudzitsa mphuno pa zonyansa zakezo, n'kukapatsa kambama ka chala. Kanaphunziradi, koma kanaphunzira kuti telala ndi munthu woopsa. Kanasiya kuchita ine ndikuona, kanayamba kukachitira kunsi kwa bedi, kukona kwenikweni kumene tsache silifika. Akazi anga ankagwada ndi nyali masana, akukolopa osayankhula. Kusayankhulako n'kumene kunkandipweteka.

Nzeru inabwera ndi thalauza long'ambika. Mkulu wina amene kale ankaphikira azungu ku mishoni anabweretsa thalauza kuti ndiike chigamba, ndipo atamva madandaulo anga anapukusa mutu.

"Achimwene, inu mwana wanu akakodza pamphasa mumamuviika mphuno?"

"Mwana ndilibe."

"Mulungu amadziwa zochita," anatero, ndipo tonse tinaseka.

Anandiuza mmene ankachitira ndi tiagalu ta mabwana ake nthawi ya mvula. Kagalu kotere sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali. Kakangodzuka, kakangodya, kakangotha kusewera, kamafuna kudzithandiza, ndipo kamayamba kununkhiza pansi n'kumazungulira. Pamenepo ukanyamule mwachangu n'kukaika pamalo amodzi omwewo tsiku lililonse, poyalidwa nyuzi zakale. Kakachita pamenepo ukayamikire nthawi yomweyo n'kukaponyera mutu wa matemba, osati kudikira mpaka katachokapo, chifukwa kamaiwala msanga ngati munthu wobwereka. Kakalakwitsa, ungopukuta osalankhula. Pamene kalakwitsapo utsuke kwambiri, chifukwa fungo likatsalira kamati ndi chimbudzi chake n'kubwereranso. Pogona ukapatse katoni kakang'ono, popeza galu sakonda kuipitsa pamene amagona.

Nyuzi zakale sizinavute. Mwini sitolo ankakulungira sopo ndi mchere, ndipo anandipatsa mtolo. Koma telala amaona nsalu asanadule. Masiku amenewo nyuzi iliyonse inkakhala ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko patsamba loyamba, nthawi zina ndi m'kati momwe. Munthu ankatha kukagona kupolisi chifukwa chokulungira fodya pa nkhope imene ija, ndiye kulili bwanji kuyalira galu. Choncho ndinkakhala pansi ndi sizasi yanga n'kumafufuza tsamba ndi tsamba. Lokhala ndi chithunzi ndinkalipinda mwaulemu n'kuliika pamwamba pa kabati. Kagalu kankalandira masamba a mpira ndi a mitengo ya feteleza.

Tinayala kuseri kwa chitseko, pamwamba pa thumba la pulasitiki. Ntchito yaikulu inagwa pa akazi anga, chifukwa ine masana ndinali pa makina. Ankasoka mabatani ali pamkeka, diso limodzi pa singano, lina pa kagalu. Kakayamba kuzungulira, mabatani pansi, kagalu m'manja, pa nyuzi. Kunsi kwa bedi anatsukako ndi madzi otentha ndi sopo, n'kufinyirako mandimu, kenaka anatsekako ndi matabwa. Sizinayende tsiku limodzi. Kankachita bwino m'mawa, madzulo n'kuiwala. Nthawi zina kankaika miyendo yakutsogolo pa nyuzi, yakumbuyo pa simenti, n'kukodza kunja kwinaku kakutiyang'ana monyada kudikira matemba.

"Kayesetsa," ankatero akazi anga.

"Inenso kusukulu ndinkayesetsa chonchi, koma aphunzitsi sankandipatsa matemba."

Mwezi utapita, tsiku lina ndinabwera kudzadya masana n'kupeza akazi anga akuseka okha. Kagalu kanali katadzuka m'katoni, n'kuyenda kokha mpaka pa nyuzi popanda wokanyamula. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwawo chichokereni kumaliro. Ndinati basi, mlandu wa a tcheyamani watha.

Chimene mkulu wophika uja sanandiuze, kapena ananena ine ndikuganiza za chigamba, n'chakuti kagalu sikaphunzira kona ya chipinda yokha. Kamaphunziranso chimene mapazi ake amaponda. Kwa iko, pepala lililonse loyalidwa pansi linali chimbudzi.

Unali m'mawa wa Loweruka. Akazi anga anali atachotsa nyuzi yonyowa kuti ayale ina, ine n'kutsegula chitseko kuti nditulutse makina. Kagalu kanali katangodzuka kumene. Kanafika kuseri kwa chitseko, kanapeza palibe kanthu, n'kudutsa pakati pa miyendo yanga. A tcheyamani anali pa mpando wawo. Tiyi atawabweretsera, iwo anayala nyuzi ya tsikulo pansi pambali pa mpando kuti agwire kapu ndi manja awiri. Tsamba loyamba linali pamwamba.

Ndinaona kagalu kakununkhiza. Ndinaona kakuzungulira. Manja anga anali ndi makina, ndipo kukuwa ndinaopa, chifukwa mdadada wonse ukanatuluka. Kananjuta pakati penipeni, n'kuchita zonse zimene tinakaphunzitsa, mosaphonya ngakhale dontho. Katatha kanakhala pansi patsogolo pa a tcheyamani, mchira ukugwedera, kudikira mutu wa matemba.

A tcheyamani anayang'ana nyuzi, anayang'ana kagalu, kenaka anayang'ana zitseko za mu mdadada chimodzichimodzi. Mwamwayi azimayi a mu mdadadamo anali kumjigo, amuna atapita kale kumsika.

"A telala," ananong'ona. "Mukudziwa kuti apa pali mlandu wotani?"

"Ndikudziwa, a tcheyamani."

Akazi anga anatuluka n'kugwada chapatali monga mwa ulemu, kagalu atakakokera pamiyendo.

"Bambo, kagaluka sikadziwa kuwerenga. Tinakaphunzitsa kuti kasamaipitse pamene inu mumaponda, ndiye kaona pepala pansi."

Mawu akuti pansi anawalowa a tcheyamani. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Akanati akanene nkhaniyi kupolisi, funso loyamba likanakhala lakuti chithunzicho chinkatani pa simenti pafupi ndi mapazi a tcheyamani wa nthambi. Ine sindinanene zimenezo. Ndine wopusa, koma osati mpaka pamenepo.

"Chotsani ichi," anatero.

"Ndikachiike kuti? Pa mbaula?"

"Mukufuna kuwotcha nkhope imeneyi?"

"Ndiye kuchimbudzi."

"A telala, muli ndi misala?"

Kudzala nako sikukanatheka, chifukwa ana ankatolako mapepala opangira mpira. Tinaima amuna awiri akuluakulu tikuyang'ana pepala lonyowa. Mapeto ake akazi anga analinyamula ndi nsonga za zala, analowa nalo m'chipinda, analitsukuluza ndi madzi pang'onopang'ono, ine n'kuliumitsa ndi simbi ya makala nditayalapo kansalu. Fungo limene linatuluka pamenepo sindidzakufotokozerani, mwina mukudya. Tsambalo linakakhala pamwamba pa kabati pamodzi ndi anzake.

A tcheyamani anatitsatira mpaka pakhomo. Anaona katoni, anaona thumba la pulasitiki kuseri kwa chitseko ndi mbale ya mitu ya matemba. Anafunsa kuti galu wa mtundu wanji ameneyu woti munthu n'kumuvutikira chonchi. Akazi anga anayankha kuti ndi galu wamba wa kumapiri, kungoti mayi wake ankagona pakhomo pa bambo awo, ndipo anawatsatira mpaka kumanda tsiku la maliro.

A tcheyamani anakanda chibwano.

"Pepala lisadzayalidwenso pansi mu mdadada muno," anatero. "Ngakhale la mpira. Kuseri kwa bafa kuli theka la mgolo limene ndinkasungiramo laimu. Mudzazemo mchenga. Muzichotsa tsiku lililonse, ndisamve fungo."

"Ndiye kagaluka, bambo?" anafunsa akazi anga.

"Ndati mudzazemo mchenga, mayi. Ine ndiye ndizikhalamo?"

Tinayambiranso sukulu. Mchenga ndinkakatenga kudambo pa njinga yobwereka. Mgolowo tinaudula kuti ukhale wosazama, ndipo poyamba tinauika kuseri kwa chitseko pamalo pa nyuzi, titathiramo kamchenga konyowa ndi mkodzo wake kuti fungo likaitane. Katazolowera tinautulutsa pakhomo, kenaka tinkausuntha pang'onopang'ono mpaka unafika kuseri kwa bafa. Kagalu kanali katakulako, kakutha kudikira, ndipo kanayamba kukanda chitseko kakafuna kutuluka. Akazi anga ankadzuka tambala woyamba kukaperekeza, chifukwa cha malole aja.

Tsiku limene kanayenda kokha kanjira konse ka simenti, kudutsa mpando wa a tcheyamani osaima, iwo anakatsatira ndi maso mpaka kanakhota. Kenaka anaitana akazi anga n'kuwapatsa chidutswa cha sikono kuti akapatse, chifukwa iwo eni anati sangadyetse galu pamanja anthu akuona.