Malikisi Awiri a Dyna

Mayi Anastazia Chimutu ndinawapeza pa sukulu yathu ya pulayimale kuno ku Kapondo, ndipo ndikuona kuti ndidzawasiya pomwepo. Aphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 8 zaka makumi awiri ndi zitatu, osakwezedwa ngakhale kamodzi. Ndi mayi wamfupi, wa mawu otsika, wa kwawo ku Ludzi, komwe masisitere anawaphunzitsa kulemba mowongoka ngati achita kuika lula. Njinga yawo ilibe mabuleki, amaimitsa ndi phazi. Loweruka mukawafuna, kawapezeni m'munda wa mtedza.

Phunziro lomwe amalikonda ndi la kuyerekeza zinthu. Ife pa Chichewa zathu n'zosavuta, timangoti uyu ndi wamtali kuposa uyo, tathana. Chingerezi ndiye chili ndi timalamulo take. Mayiwa amauza ana kuti mawu aafupi amamera mchira: tall, taller, tallest. Mawu aatali mchira sauyenera, amatsogoza more kapena most, monga more beautiful. Ndiye pali ena osamva, monga good, amene amangosinthiratu n'kukhala better ndi best. Better wayerekeza kale, easiest wafika kale pamapeto. Kunena kuti more better kapena the most easiest, iwo amati, n'kuthira mchere m'ndiwo zothira kale. Ana a kalasi yawo amadziwa zimenezi ngati dzina lawo.

Chaka chatha bungwe lina linalonjeza kulipirira mtsikana mmodzi sukulu ya sekondale yogonera konko, zaka zonse zinayi. Mtsikanayo anayenera kukhala amene wapambana atsikana onse pa mayeso oyeserera a zoni yathu. Ife tinali ndi Dyna. Mwana wa mutu wakuthwa ameneyu, koma kwawo fodya anakana zaka ziwiri zotsatizana, ndipo azakhali ake a ku Chipata anali atanena kale kuti akangolemba mayeso apite akawalerere ana. Bambo ake anauza Mayi Chimutu mosabisa kuti malo a bungwewo akalephereka, iwo alibe pogwira, mwana apita.

Kuchonga mayeso a zoni kuli ndi mwambo wake. Aphunzitsi a sukulu zonse timakumana pamodzi, amene analemba mafunso amabweretsa pepala la mayankho, tonse timaliwerenga n'kusainira. Likasainidwa, palibe kusinthanso ngakhale chilembo chimodzi. Lamuloli silinabwere mwachisawawa. Kale aphunzitsi ankasintha mayankho ali pakati pochonga, akaona kuti ana awo agwa, ndipo chaka china anthu akuluakulu anagwirana m'makolala.

Tsikulo Mayi Chimutu anachedwa, tayala linaphwa panjira. Pepala la mayankho linazungulira, ife n'kumangosaina uku tikucheza za kuchedwa kwa mvula. Inenso ndinasaina. Ndimaphunzitsa masamu, koma chimenecho si chifukwa, maso ndinali nawo. Ndikakumbukira ndimadzida.

Mayi Chimutu atafika, thukuta lili kamukamu, anatenga cholembera chofiira n'kuyamba kuchonga. Sipanapite mphindi khumi, ndinangoona dzanja lawo laima. Funso 14 linati, This road is, kenako mpata, than that one, ndipo pepala la mayankho linati yankho ndi more better. Funso 15 linafuna the easiest, koma pepalalo linati the most easiest. Anaimirira mwaulemu, n'kupempha kuti mayankho awiriwo aonedwenso.

Mafunsowo analemba ndi Bambo Gracious Mwenda, a ku sukulu yoyandikana nafe, mwamuna wa tayi ngakhale mu Okutobala, wongobwera kumene ndi digiri yake. Sanakwiye ayi, anaseka. Anapita pa bolodi n'kulemba kuti, We need more better desks, n'kufunsa ngati pali cholakwika.

Mayi Chimutu anavomera kuti chiganizocho chikhoza kuima, chifukwa more ameneyo sakukhudza better, akuwerenga madesiki: madesiki abwinoko alipo, tikufuna ena owonjezera. Koma pa funso 14 palibe chowerenga, pali misewu iwiri basi. Wofuna kutsindika anene much better kapena far better. Anavomeranso kuti m'mabuku akalekale a Chingerezi zoterezi zimapezeka, ndipo pocheza anthu ena amalankhula choncho, koma pa Chingerezi cha mayeso lero the most easiest alibe polowera.

Amene ankamvetsa anagwedeza mitu, koma chamumtima. Ambiri anangoona kuti wa digiri walemba more better pa bolodi, ndipo mayi uja wavomera. Wapampando wa tsikulo, mphunzitsi wamkulu wachikulire amene amadana ndi phokoso, ananyamula pepala lija n'kutionetsa masiginecha athu, khumi ndi asanu ndi limodzi. Anati mwina mayiwa akunena zoona, iye sakukana, koma akatsegula chitseko lero, mawa aliyense abwera ndi funso lake. Anawonjezera kuti walira mvula walira matope, lamuloli tinalipempha tokha.

"Ndiye mwana amene walemba zoona timuchonge kuti walakwa?" anafunsa Mayi Chimutu.

"Chongani monga pepala likunenera, mayi. Madandaulo mulembe kalata."

Ine ndikanati chiyani, dzina langa lili pamzere wachitatu? Mayi Chimutu anakhala pansi. Mapepala omwe anapatsidwa anali a sukulu ya Bambo Mwenda, ndipo ndinawaona akupereka malikisi kwa mwana aliyense amene analemba more better, mmodzimmodzi, mpaka mulu wonse unatha. Nthawi ya chakudya sanadye.

Zotsatira zinatuluka Lachisanu. Dyna anakhala wachiwiri, anatsala ndi malikisi amodzi okha kumbuyo kwa mtsikana wa ku sukulu ya Bambo Mwenda. Mtsikanayo sindikumuda, nayenso ndi mwana wa munthu wosauka, analemba zimene anaphunzitsidwa. Koma mafunso awiri aja akanachongedwa bwino, Dyna akanakwera ndi awiri, mnzakeyo n'kutsika ndi awiri.

Kalata Mayi Chimutu analemba, masamba atatu. Anapalasa njinga mpaka ku Boma kawiri. Ulendo woyamba anauzidwa kuti bwana ali ku Lilongwe. Wachiwiri anakumana ndi mayi wina wa mu ofesi amene anawerenga kalatayo, n'kunena kuti n'zoona ndithu, better ndiye yankho, koma mayeso oyeserera ndi nkhani ya zoni, ndipo dzina linatumizidwa kale ku bungwe. Anawalonjeza kuti chaka chamawa adzaonetsetsa. Chaka chamawa! Ngati kuti Dyna ndi chimanga choti tidzabzalanso.

Mayeso enieni Dyna anakhoza bwino, n'kusankhidwa kupita ku sekondale, koma womutumiza panalibe. M'mawa wa tsiku lonyamuka kupita ku Chipata anadzera kusukulu, atanyamula kachikwama ka zovala, azakhali ake akudikira pamsewu pa njinga yamoto ya kabaza. Ine ndinali pakhomo la ofesi. Anagwada pamaso pa Mayi Chimutu, n'kutulutsa pepala lake la mayeso oyeserera aja, lopindapinda, mizere iwiri yofiira ili pa 14 ndi 15. Sanalire, ndipo sanadandaule. Anangofuna kudziwa.

"Madamu, ndiye pamenepa ndikanalemba chiyani?"

Mayi Chimutu analiyang'ana pepalalo. Pamsewu wa kabaza analiza hutala.

"Zomwe unalembazo, mwanawe," anatero. "Unalemba bwino."

Dyna anathokoza, anapindanso pepala lake, n'kupita kukakwera.