Cholengeza cha a Anselmo

A Anselmo anakhala katekisiti pa tchalitchi chathu chaching'ono cha kuseri kwa phiri la Mphunzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kulemba anaphunzira ali kalaliki ku ofesi ya nkhalango, ndipo kalembedwe ka kumeneko sikanawachoke. Lamulungu lililonse Misa kapena mapemphero akatha, ankavala magalasi omanga ndi ulusi n'kuyamba: "Zikudziwitsidwa kwa onse amene zikuwakhudza." Ngakhale ubatizo wa khanda unkamveka ngati samani ya kukhoti.

Anali ndi ana aakazi anayi ndi mwana wamwamuna mmodzi, Kalisto, amene ankayimbitsa kwaya ya achinyamata. Mu June 1978 mtengo wa paini unamugwera akugwira ntchito ku Phiri la Dedza, n'kumwalira. Kwaya inabalalika. Ng'oma yake inangokhala kuseri kwa chitseko, makoswe n'kumadya chikopa.

Mu November, mwezi wopempherera akufa, a Anselmo analengeza kuti achinyamata onse a zaka khumi ndi zisanu kufika makumi atatu ayenera kupezeka Loweruka kumanda osalephera, ndi makasu, ndipo mayina adzalembedwa. Mwa ife aliyense anamva ntchito yokakamiza, monga ya mseu ija ya pa sabata ya achinyamata. Ena ankati kukakhala kuonetsa makadi a chipani. Loweruka lija a Anselmo anakhala okha kumanda mpaka dzuwa linafika pamutu.

Lachitatu anafika kwathu, atanyamula chipewa m'manja. Ine ndinali nditangomaliza Fomu 4.

"Jestina, mwana wanga, akuti umalemba bwino. Taona apa pamene ndalakwitsa. Mwina ndi tsiku."

Ndinagwada n'kulandira pepala la cholengeza chija. Tsiku linali bwinobwino, nthawi ndi malo chimodzimodzi. Koma dzina la Kalisto munalibemo.

"Abambo, makasuwa ndi a chiyani?"

"Kulambula. Udzu wamera."

"Nanga mayina?"

"Kuti ndidzawathokoze mmodzimmodzi." Anandiyang'ana modabwa. "Ukuganiza ndi a chiyani?"

Ndinangofunsa, maso ali pansi, chimene ankafuna kwenikweni tsiku limenelo. Anatembenuza chipewa m'manja.

"Pamaliro paja sindinamve kanthu. Akuti munayimba. Ndikufuna ndimve nyimbo yake ija ya pa chopereka, kamodzi kokha, iye ali pomwepo."

Tinalemba pakhonde, pepala litatsamira pa buku langa la jogalafe. Ndinachotsa "osalephera". Ndinachotsa zaka, ndinachotsa za mayina. M'malo mwa "achinyamata onse" ndinaika "ana anga, anzake a Kalisto". Tsiku ndi nthawi ndinazisiya, koma ndinazitsitsira kumapeto. Mawu oti apampando a chipani adziwitsidwa za msonkhanowo a Anselmo anakana kuti achoke, ndipo ankanena zoona; tinangowafupikitsa.

"Ndiye ine ndiziti 'ine' pa guwa?" anafunsa. "Cholengeza sichikhala ndi mwini wake."

"Ichi chili naye, abambo."

Ndinayesanso kuikamo "bwerani magaye", mawu amene anyamata a kusukulu ankakonda. Anaseka, koyamba chimwalirire Kalisto.

"Iwe! Ndi imvi zonsezi? Andiponya miyala."

Tinafufuta. Ndinawapempha awerenge mokweza, ndipo paliponse pamene lilime linakodwa tinasintha, mpaka zinatsala ziganizo zisanu.

Lamulungu anaimirira monga mwa masiku onse.

"Ana anga, anzake a Kalisto. Tsiku lija ndinakuitanani moipa, mundikhululukire. Ine ndi mayi ake tikupempha mudzatiyimbire nyimbo yake ija kumanda, chifukwa ine..."

Anaima pamenepo. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. A Marita, akazi awo, anafunditsa nkhope ndi chitenje. M'tchalitchi munangomveka khanda likuyamwa. Kenaka Yohana, amene ankaimba besi pambali pa Kalisto, anafunsa ali kumbuyo:

"Nthawi yanji, abambo?"

"Eyiti koloko. Loweruka. Apampando adziwa."

Tinafika khumi ndi anayi, mwa anthu oposa makumi atatu a kwaya ija. Ena anali ku ntchito ya mbatata, ena mantha anali asanawathere. Tinalambula, kenaka tinayimba popanda ng'oma. Tinayamba mokweza kwambiri moti atsikana mawu anawathera pakati, chifukwa wotipatsa poyambira ndi amene tinkamuyimbirayo. A Anselmo anaima patali pang'ono, pansi pa mtengo wa msuku, akumvetsera ndi khutu lawo labwino.

Titamaliza anati, "Mwathamanga ndime yachiwiri. Iye ankakoka."

Tinabwereza, mokoka. Ulendo uno anakhala pansi pa dothi lonyowa, ndi suti yawo ya Lamulungu, ndipo a Marita sanawadzutse.