Kalata ya pansi pa kapu

Linali Lachisanu, pa 23 Juni 1978, cha m'ma 5 koloko madzulo, pamene ndinapeza pepala lofiira pansi pa chitseko cha nyumba yathu ku Kabwata. A malaiti ankati tikapanda kulipira pofika Lolemba adzadula.

Nyumbayo inali m'dzina langa. M'chipinda chinacho munkagona mkulu wina wa kwathu ku Katete, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya boma. Tinapangana kuti bilu ya madzi ndi ya malaiti tizigawana pakati, koma kwa miyezi itatu sanapereke ngakhale ngwee. Ine ndinkalipirako theka langa, ngongole n'kumakula.

Munthu amene anakunyamulapo uli khanda sumuima pamaso n'kumulonjerera ndalama. Choncho ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba.

"Akulu anga, pepani kuti ndalemba. Gawo lanu la Epulo, Meyi ndi Juni latsala, ndipo Lolemba adula. Ndikupemphanso tigwirizane izi: ndalama za mabilu ziziikidwa m'chitini tsiku la malipiro, chitofu chisamasiyidwe choyaka kuti chifunditse chipinda, alendo akachapa azitseka pompi."

Ndinaiika pansi pa kapu yawo, n'kukhala m'chipinda changa ngati wakuba.

Atabwera ndinamva kapu ikusuntha. Kenaka anafika pa chitseko changa. Anagogoda, kalata ili m'manja.

"Iwe mphwanga, positi ofesi watsegula liti muno?"

Ndinaimirira, iwo n'kupitiriza.

"Wasambira chiyani miyezi itatu iyi? Shuga wa m'tiyi wako, saladi wophikira, unaimapo pa mzere?"

Zinali zoona. Masiku amenewo anthu ankalawirira kukaima pa mzere chifukwa cha sopo mmodzi, ena n'kubwerera chimanjamanja. Kwathu sizinkasowa. Iwo ankagula ndi ndalama zawo katundu akangofika, ndipo mumtima mwawo gawo lawo linali limenelo. Ine ndinkayesa mphatso za mkulu kwa mng'ono wake. Palibe anafunsapo mnzake.

"Ndalakwa, akulu," ndinatero. "Koma ku ofesi ya malaiti kuja salandira sopo."

Anaseka pang'ono, osati kwambiri. Tinakhala patebulo. Iwo anatchula mitengo ya zimene anagula, ine n'kuchotsa theka langa pa ngongole yawo. Zotsalazo anawerenga pomwepo, ndipo zopereŵera ndinawonjezera kuchokera pa ndalama zimene ndinasungira nsapato. Malamulo anga atatu anawavomera, ngakhale la chitofu analidandaula chifukwa cha mawondo awo m'chisanu. Tinawonjezera lachinayi, lakuti wogula za m'nyumba azinena mtengo tsiku lomwelo. Kenaka anatenga bolopeni yanga nalemba lachisanu ndi dzanja lawo: "Muno tisamalemberane makalata."

Lamulo limenelo linandipweteka kuposa mawu onse a tsikulo.

M'maŵa mwake ndinayenda wapansi kupita m'tauni, chifukwa Loweruka ankatseka masana. Ndinaima pa mzere, ndinalipira zonse. Pobwera ndinabaya lisiti pa msomali kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi pepala la malamulo. Ndinawapeza akuchapa yunifomu panja, ndipo ndinawauza ndi pakamwa kuti ndalipira.