Ngongole ya apongozi a bwana

Nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito m'golosale ina ku Mponela. Bwana atagula kompyuta, anandiuza kuti tsiku lililonse ndizitulutsa pepala loonetsa zomwe tagulitsa komanso anthu angongole.

Vuto linali apongozi awo. Ogulitsa sankayerekeza kulemba dzina lawo. Lero alemba "akuluakulu", mawa "akumudzi", ndiye kompyuta inkawawerenga ngati anthu osiyana a tingongole tating'ono. Ine, mwini nzeru, ndinapatsa wogula aliyense nambala yake, n'kuuza kompyuta kuti iphatikize zomwe watenga, ichotsepo zomwe walipira, isanje kuyambira wangongole yaikulu. Apongozi anatera pamwamba penipeni.

Bwana ataona pepalalo anati makinawo alibe ulemu. Zoonadi, analibe. Koma makinawo anagulidwa modula, choncho wochotsedwa ntchito ndinali ine.