Masabata Awiri Opanda Cholembedwa

Woyamba kundiuza nkhaniyi anali mkamwini wanga. Anandipeza kwathu ku Kawale ndikuyanika bulauzi yanga yoyera ya kutchalitchi, ndipo anakana mpando, anangonjuta pafupi ndi khonde. Ndinadziwiratu kuti sikubwera kocheza.

“Amayi, kusukulu kwabwera yankho,” anatero. “Mwana wanu amupatsa mpaka kumapeto kwa Okutobala. Akuti kumuwonjezera nthawi nkomaliza kumeneku. Akapanda kupereka buku lake, dzina lake lichotsedwa.”

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ankachita maphunziro a udokotala, osati wa kuchipatala ayi, koma wa zofufuza. Kwa zaka zambiri ankatunga madzi m’zitsime za ku Mgona ndi ku Chinsapo, kukawayeza ngati ali abwino kumwa. Zonse zimene anapeza ankayenera kuzilemba m’buku limodzi lalikulu, limene iwo amati fesisi. Pakatipo anadwala, anabereka, bambo ake anatisiya. Nthawi inangotha choncho. Tsopano inatsala miyezi itatu basi.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Sindikanamulembera ngakhale mzere umodzi. Koma mwana wa kumsana ndimatha kubereka, ndiye ndinamanga kachikwama kanga, n’kukwera minibasi ya ku Area 25, kumene mwana wangayo amakhala.

Ndinamupeza atamata chipepala chachikulu pakhoma la pabalaza, pambali pa chithunzi cha malemu bambo ake. Anali atajambula timabokosi, kalikonse sabata imodzi. Chinandidabwitsa nchakuti anayamba kulemba kuchokera pansi.

“Iwe, anthu amayambira pamwamba,” ndinatero.

“Amama, tsiku lomaliza ndi lokhalo limene silisuntha. Ndiye ndiyambire pomwepo, ndizibwerera m’mbuyo.”

Anandifotokozera pang’onopang’ono, cholembera chili m’manja. Bukulo linali ndi mitu isanu ndi umodzi. Sabata yomaliza inali yoti kompyuta ya kusukulu ione ngati sanabe mawu a ena, aphunzitsi ake awiri asainire, kenako asindikize ndi kupereka. Kuti zimenezo zitheke, buku lonse lathunthu linkayenera kufika kwa aphunzitsiwo Seputembala asanathe, chifukwa nawonso amafuna masabata awo owerengera. Ali ndi ophunzira ena. Mutu wachinayi, wa zimene anapeza m’madzi, anauika kumayambiriro kwa Ogasiti. Aphunzitsi akamawerenga umenewo, iye azikonza wachiwiri, wa zimene ena analembapo kale, ndi wachitatu, wofotokoza mmene ankayezera madziwo. Wachisanu, wotanthauzira zimene anapezazo, ndi umene ankauopa. Anaupatsa malo aakulu kuposa yonse. Wachisanu ndi chimodzi unali womanga nkhani. Ndipo mutu woyamba anauika komalizira.

“Woyamba komalizira? Sukulu yanuyi ndi yozondoka,” ndinatero. Anaseka, nati munthu sungalonjeze bwino zimene zili m’buku usanaone mmene latherera.

Pakati pa Okutobala panatsala timabokosi tiwiri toyera, topanda cholembedwa. Ndinationa, koma sindinafunse, mdzukulu wanga anali atayamba kulira.

Ogasiti anayamba bwino, kenako anatitembenukira. Mphunzitsi wake wamkulu, mayi wosaseka kwambiri koma wachilungamo, anabweza mutu wachinayi nati manambala a zitsime za nyengo ya dzinja awerengedwenso. Ntchito imeneyo inadya sabata yathunthu. Magetsi nawo ankangozimazima, mkamwini wanga n’kumathamanga ndi laputopu kukaitchaja kwa mnzake wa sola. Mwana wanga anaima pa chipepala chija nthawi yaitali, kenako anafupikitsa nthawi ya mutu wachiwiri. Timabokosi toyera tija sanatikhudze. Ine ndinkangotenga mdzukulu wanga n’kupita naye kuseli, kumuimbira nyimbo za m’buku la kutchalitchi chapansipansi kuti mayi ake asamve kulira.

Kumayambiriro kwa Seputembala, mutu wachisanu uli pakati, kunabwera alamu anga, akulu ake a malemu amuna anga. Anachokera kumudzi, ku Rumphi, kudzakamba za chiliza. Kwathu kumpoto tsiku lovundukula chiliza silikhala laling’ono. Abale amabwera kuchokera kutali, abusa amapemphera, ndipo ana a malemu amaima kutsogolo, woyamba kubadwa patsogolo pa onse. Akulu a banja ndi amene amatchula tsiku, ndipo liyenera kukhala mvula isanagwe.

Tsiku limene anabweralo, mwana wanga anali kulaibulale. Alamuwo ndi munthu wophunzira ndithu, anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Atamwa tiyi anavala magalasi, n’kuyamba kuwerenga chipepala chija mwachidwi.

“Mwanayu ndi wadongosolo ngati bambo ake,” anatero. “Taonani, Mlamu, wasiya yekha masabata awiri opanda chochita. Chiliza tichite mmenemu.”

Asanatuluke n’komwe pageti anali ataimbira kale foni kumudzi. Anachita ndi mtima wabwino, ndimanenabe mpaka lero. Ankaganiza kuti akumupeputsira.

Madzulo mwana wanga atamva, anakhala pansi pa simenti, chikwama chili kumsana.

“Amama, masabata amenewo si opuma. Ndi pamene aphunzitsi adzandibwezere buku lonse ndi zokonza zawo. Sindinalembemo kanthu chifukwa sindikudziwa kuti adzanena chiyani. Akhoza kundiuza kuti ndilembenso mutu wathunthu.”

“Nanga osangopita Lachisanu, n’kubwerako Lamlungu?” anafunsa mwamuna wake.

“Iwe ukukudziwa kwathu? Mwana woyamba angafike ngati mlendo? Pali kulandira anthu, kuphika, kutsanzikana nawo. Ndi ulendo womwe, sabata yatha. Netiweki mpaka ukwere pachulu.” Anayang’ana chithunzi cha bambo ake. “Koma ndi adada anga. Ndipita. Zikavuta zivute.”

Mawu amenewo anandilasa. Bambo akewo ndi amene ankamuperekeza kusukulu pa njinga ali wamng’ono, ndipo ali m’chipatala ankafunsabe kuti buku lafika pati. Ndinapemphera masiku angapo osauza munthu. Kenako ndinapita ku Biwi, kumene alamu anafikira kwa mwana wawo, asanabwerere kumudzi.

Ndinagwada monga mwa mwambo, n’kupempha kuti tsiku lisunthe, lipite mu Novembala.

“Mlamu, mukufuna anthu adzaterereke m’matope?” anatero. “M’bale wathu wa ku Joni wapempha kale tchuthi. Abusa tawauza. Kodi sukulu imeneyi ilibe chisoni? Akawauze kuti ndi mwambo wa bambo ake.”

“Anamumvera kale chisoni pa maliro, Alamu. Akuti kachiwiri ayi.”

“Ndiye anthu akafunsa kuti woyamba ali kuti, ndidzati ali pa kompyuta?”

“Mudzati ali ndi ntchito imene bambo ake anamusiyira. Ine ndidzaima pamalo pake.”

Mawuwo anangotuluka okha. Chikwatiwire changa ndinali ndisanawayankhepo choncho. Anavula magalasi, napukuta, nati, “Mwalankhula, Mlamu. Ine ndamva.” Sananditsanzike bwino.

Kovuta kwenikweni kunali kunyumba. Mwana wanga anakana, analira, anati adzaoneka ngati wonyada chifukwa cha sukulu. Ndinamuuza kuti milandu yonse andisiyire ine, iye abwerere pa mutu wachisanu, umene unali utaima masiku onsewa chifukwa cha nkhani yomweyi. Tinagwirizana chimodzi: ngati zokonza za aphunzitsi zidzakhale zochepa, adzanditsatira.

Buku lathunthu linapita Seputembala akutha, mutu woyamba utalembedwa mothamanga. Podikira yankho sanakhale chabe. Ankafananiza maina a mabuku onse amene anawatchula m’kati ndi mndandanda wa kumapeto, limodzilimodzi, ndi kukonza manambala a masamba. Foni ikangolira, tonse tinkadzidzimuka.

Yankho linafika ine nditamanga kale katundu wa ulendo. Mphunzitsi wachiwiri anali ndi zing’onozing’ono. Koma mayi wamkulu uja analemba kuti mutu wachisanu ukungobwereza manambala a mutu wachinayi, sukunena chifukwa chake zitsime zoyandikana ndi zimbudzi zikuipa kwambiri m’dzinja, ndiponso sukufananiza ndi zimene ena anapeza. Theka lake lilembedwenso, ndipo ukasintha umenewo, wachisanu ndi chimodzi nawo usinthe. Mwana wanga anawerenga, nkhope itauma. Kenako anatenga cholembera, napita pakhoma, n’kuyamba kudzaza timabokosi tiwiri tija. Anatidzaza mpaka m’mbali. Za ulendo sanatchulenso.

Ndinapita ndekha pa basi. Mdzukulu anatsala ndi bambo ake, amene anatenga tchuthi. Kumanda ndinaima kutsogolo ndi ana anga aang’ono, malo a woyamba ndikuwaona ndi maso kuti ali pululu. Kumbuyo ndinamva mayi wina akunong’ona kuti, “Ophunzira amaiwala msanga.” Nsalu itachotsedwa pa chiliza, ndinawauza amuna anga mumtima kuti mwana wanu sanabwere, ndamuletsa ndine, akumaliza buku lija.

Nditabwerako ndinamupeza ataonda, maso ofiira, koma mutu unali utavomerezedwa. Siginecha ya mphunzitsi wachiwiri inatisautsanso, poti anali kumsonkhano kunja kwa mzinda, ndipo anabwera kutatsala pang’ono. Buku linaperekedwa tsiku lomaliza lisanafike. Mwana wanga atandiimbira kuti kusukulu alandira, ndinagwada pomwepo pakhitchini, mdzukulu ali kumsana, n’kuthokoza Mulungu amene sanatisiye.

Panopa bukulo lili m’manja mwa oyesa, ena a kunja kwa sukulu yake. Akamaliza kuwerenga adzamuitana kuti akayankhe mafunso pamaso pawo, ndipo akuti zokonza zina zikhoza kubweranso. Alamu anga foni amayankha, koma mwachidule. Mwana wanga wawauza kuti akangodutsa mayesowo apita kumudzi, akagwade kwa iwo, akaonenso chiliza cha bambo ake. Sanayankhe kuti inde kapena ayi.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukireko: mwana wangayu pa tsiku la mafunso, mkamwini wanga amene wapirira zambiri, ndi alamu anga, kuti mtima wawo ufewe asanafike mwanayo pakhomo pawo.