Chiganizo Chimodzi cha Apongozi

Ndikadutsa pa Mhuju masiku ano, maso amathamangirabe pa kasitolo kamene kanali ndi taipi ndi makina a fotokope. Pano akugulitsamo feteleza. Pa benchi ya m'menemo ndi pamene ine ndi alamu anga tinalimbana ndi mbiri yanga, ngati kuti mwiniwakene ndamwalira.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Rumphi ndinabwera ndi ntchito ya ulangizi wa zaulimi, n'kukwatiwa konko. Apongozi anga aakazi atafa ziwalo mbali imodzi, ndinasiya ntchito kuti ndiziwasamala. Ndinkati ndi miyezi yochepa chabe, koma zinatha zaka zisanu ndi ziwiri. Chitumbuka changa chenicheni ndinachiphunzira pa mphasa yawo, iwo akundiseka lilime, ine ndikuwapesa tsitsi padzuwa. Masiku amenewo ndimawasowa.

Atatisiya, bungwe lina linafika m'chigwa cha Henga likufuna ophunzitsa makalabu a alimi. Makalata a sukulu ndi a ntchito ndinali nditapereka kale ku ofesi. Chinatsala n'choti aliyense alembe mbiri yake yachidule, ndime imodzi, yokawerengedwa pamaso pa komiti ya alimi imene inkasankha anthu. Ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, koma zaka zija zinkandiopsa. Ndani angafune mlangizi amene wachita dzimbiri?

Alamu, achimwene a amuna anga, anali ahedi opuma komanso mkulu wa mpingo. Mbiri za pamaliro m'dera lathu ankawerenga ndi iwo, ndipo mtundu wa mbiri umene ankaudziwa unali womwewo: anabadwa chaka chakuti, anayamba sukulu chaka chakuti. Yanganso anaiyala choncho. Zaka zikundondozana bwinobwino, kenako phompho, loonekera ngati dzino lakutsogolo loguluka. Tsono anthu a kuno sukulu inawalowa m'magazi. Akamamvera mbiri amawerengera zaka pa zala.

"Alamu," anatero akutsitsa mawu, "apa tingolemba kuti munkachita zaulangizi panokha."

"Mkulu wa mpingo ndi amene akunena zimenezi?" ndinawafunsa. "A m'komitimo si omwe ankabwera kudzazonda odwala, n'kundipeza ndikuchapa mabulangete?"

Anaseka mwamanyazi, nati mayesero sasankha munthu.

Ndinatenga cholembera kuti ndilembe ndekha. Ndinalongosola matenda onse, maulendo a kuchipatala, chifukwa chimene sitinapeze wina wowasamala, mpaka kupepesa. Tsamba linadzaza. Alamu analiwerenga mokweza ndi mawu awo a pamaliro aja, mayi wa taipi n'kubisa nkhope m'chitenje.

"Apa mukufuna ntchito kapena chipepeso?" anatero. "Zaulimi zili m'mizere iwiri yokha. Kwina konseku ndi ŵamama."

Zinandipweteka, koma ankanena zoona. Tinayambanso. Za kubadwa tinazisiya, tinayamba ndi chimene ndili: mlangizi wa zaulimi, wodziwa za chimanga, fodya ndi nyemba. Tinatchula kuchuluka kwa zaka zimene ndinagwiradi ntchito ndi madera ake, osaonjezapo ngakhale chimodzi. Pakati tinaika chiganizo chimodzi: "Kwa zaka zingapo anasiya ntchito kuti asamale apongozi awo amene ankadwala." Tinamaliza ndi za tsopano, dimba langa la nyemba ndi kalabu ya amayi imene ndinkaithandiza kukonza manyowa. Wofuna kudziwa chaka ndi chaka akanazipeza m'makalata a ku ofesi aja, ndipo akanandifunsa ndikanayankha.

Tsiku losankha anthu litafika, tinakumana m'kalasi ya pulaimale, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana. Wapampando anawerenga mbiri yanga mofulumira. Pa chiganizo chija sanapume n'komwe, ndipo palibe anawerengera zala. Mafunso anali a mbozi za m'chimanga ndi kapangidwe ka manyowa. Ananditenga.

Ndinayenera kudumpha ndi chimwemwe, ndipo ndinakondwadi. Koma potuluka, maganizo anabwerera kwa apongozi anga. Zaka zonse zija, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, nthabwala zawo, zinadutsa mu mpweya umodzi, monga momwe ndinafunira ine mwini. Ndinamva ngati ndawabisa kuseri kwa chitseko alendo atabwera.

Ndikumasula njinga, mayi wina wa m'komitimo, wochokera ku Hewe, anandiyandikira. Sindinkamudziwa.

"Yewo, amama," anatero. "Zaka zingapo zija zinali zingati?"

Ndinamuyankha kuti, "Zisanu ndi ziwiri."

Anagwedeza mutu, akuyang'ana manja anga pa handulo.

"Ine ndili m'chaka chachitatu ndi adada ŵane," anatero. "Mundiuzeko. Powanyamula kupita kubafa, msana munkatani nawo?"

Ndinatsamiritsanso njinga kukhoma n'kumuonetsa.