Matchaja Olemera a pa Nsipe

Amuna anga atapita ku Joni anandisiyira mwana wakhanda ndi kashopu pa Nsipe, kogulitsa matchaja, zingwe ndi makava a foni. Sukulu ndinalekera panjira, ndipo kulankhula ndi anthu kumandichititsa manyazi, koma shopuyo ndiyo inkatidyetsa.

Asananyamuke anandiphunzitsa kaodedwe. Tchaja uziyamba waigwira m'manja, ikapepuka ngati chikoko cha mtedza uisiye. Za pabokosi usazikhulupirire, uziwerenga timalemba ta patchaja penipeni, 5V ndi 1A kapena 2A. Kenako uitchajitsire foni, ikatentha mpaka kuwotcha chala kapena kumveka fungo la pulasitiki, ibwerere komwe yachokera.

Ndinkatero ndithu. Koma matchaja abwino, olemerawo, amakwera mtengo, ndipo bambo wa benchi yoyandikana nane ankagulitsa opepuka aja, a mabokosi owala.

Tsiku lina anabwera mayi a kutchalitchi kwathu, ogulitsa kachewere pamsewu, atagwira kafoni ka mabatani.

"Amake mwana, ndipatseni ya nambala yaikulu, yodzaza msanga. Ndimakatchajitsa kwa achimwene, ndiye amandiyang'ana ndi diso."

"Mayi, foni imakoka moto umene ingathe basi," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Ya 2A siingaononge foni yanuyi, komanso siidzaza msanga kuposa ya 1A. Tengani ya 1A, ndi yabwino."

"Iii, wamalonda wanji wonyoza katundu wake? Mwakhuta eti?"

Bambo uja anali atamva kale. "Bwerani kuno amayi! Kumeneko n'kusukulu, kuno n'kumsika. Iyi mukangolumikiza, yadzaza!"

Anapita, anagula.

Patapita masabata, tchaja ija inasungunukira pasoketi kwa achimwene awo, n'kuwaula nsalu ya patebulo, foni n'kufa. Ndinawamvera chisoni, komabe ndinaganiza kuti tsopano anthu amvetsa. Ayi ndithu. Pamsika ponse anagwirizana kuti ndi magetsi, akuti anazima n'kubwera ndi mphamvu. Mwina anaterodi, koma tchaja yanga inali pasoketi tsiku lomwelo ndipo ilipo mpaka lero. Mayiwo atapeza foni ina anadutsa pakhomo panga, kundipatsa moni bwinobwino, n'kukagulanso pabenchi paja.

Apongozi anga anandiuza kuti, "Inu, odani zimene anthu akufuna. Mwanayu adya timalemba?"

Ndinapitadi ku Lilongwe kooda. Ndinanyamula yopepuka imodzi, ndikuiyeza m'manja, mwana ali kumbuyo. Ndinakumbukira nsalu yowauka ija, ndi kuti anthu ambiri amasiya foni pamphasa pomwe pagona ana. Ndinaibweza.

Shopu ndinatseka mvula isanagwe. M'shopumo muli wometa tsopano. Ine ndimathandiza apongozi kumunda, ndipo matchaja otsala ali m'katoni kunsi kwa bedi. Mwana wayamba kuyenda, amawatulutsa n'kumawakoka ndi chingwe ngati galimoto.